Kufufuza ndi kutseka maakaunti akale a pa intaneti

Kufufuza ndi kutseka maakaunti akale ndi ntchito yopeza maakaunti onse amene munthu anatsegula pa intaneti n'kuwaiwala, kenaka n'kuwafufuta imodziimodzi. Zida zikuluzikulu pa ntchitoyi ndi ziwiri: pulogalamu yosunga mapasiwedi ndi bokosi la imelo. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake, ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti imelo imene munatsegulira maakauntiwo ikhale yomaliza kutsekedwa.

Chifukwa chake

Akaunti siifa chifukwa choti mwini wake waiiwala. Dzina, tsiku lobadwa, nambala ya foni ndi pasiwedi zimakhalabe m'makompyuta a kampaniyo, ndipo akuba akathyola makompyutawo amatenga zonse, za anthu amene akuigwiritsa ntchito ndi za amene anaisiya kalekale. Mu 2016 zinadziwika kuti zinthu za m'maakaunti pafupifupi 360 miliyoni a MySpace zinabedwa, pamene anthu ambiri anali atasiya kale webusaitiyo. Mu 2017 kampani ya Yahoo inalengeza kuti kuba kumene kunachitika mu 2013 kunakhudza maakaunti ake onse okwana 3 biliyoni.

Choopsa chenicheni chimabwera chifukwa anthu ambiri amagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi m'malo angapo. Akuba amatenga imelo ndi pasiwedi zimene aba pa webusaiti yakale n'kuziyesa pa Facebook, pa Gmail ndi kubanki. Motero akaunti ya gemu imene munthu anatsegula ali Fomu 2 ikhoza kutsegulira wakuba khomo la imelo imene akuigwiritsa ntchito lero.

Kuyambira pa mapasiwedi osungidwa

Bulawuza ikafunsa ngati isunge pasiwedi munthu n'kuvomera, imalemba dzina la webusaiti, dzina lolowera ndi pasiwediyo. Pakapita zaka, mndandandawu umasanduka kaundula wa malo amene munthuyo analembetsa. Amene amagwiritsa ntchito Chrome kapena foni ya Android amaupeza pa `passwords.google.com`, ndipo a Firefox amalemba `about:logins` pamalo olembapo adiresi. Ndi bwino kulemba mayina a mawebusaitiwo m'kope, pamodzi ndi imelo imene inagwiritsidwa ntchito pa iliyonse, koma mapasiwediwo asalembedwe.

Kaundulayu sakhala wathunthu. Akaunti imene inatsegulidwa pa kompyuta ya kusukulu kapena pa foni yobwereka simapezekamo. Sapezekamonso maakaunti amene munthu analowa podina `Sign in with Google` kapena `Continue with Facebook`, chifukwa amenewa alibe pasiwedi yawoyawo. A Google amaoneka pa `myaccount.google.com/connections`.

Kufufuza mu imelo

Apa ndi pamene maakaunti oiwalika kwenikweni amatulukira. Pafupifupi webusaiti iliyonse imatumiza uthenga wolandira munthu kapena womupempha kuti atsimikize adiresi yake, ndipo mauthengawa amagwiritsa ntchito mawu ochepa omwewo. Mu Gmail mukhoza kulemba izi pamalo ofufuzira:

```
subject:(welcome OR verify OR confirm) older_than:2y
```

Lamuloli limabweretsa mauthenga opitirira zaka ziwiri amene mutu wake uli ndi limodzi mwa mawu atatuwo. `OR` ayenera kulembedwa m'zilembo zazikulu. Mukamaliza, yesaninso ndi mawu ena:

```
"reset your password" in:anywhere
```

Mawu akuti `in:anywhere` amachititsa kuti kufufuzako kulowenso mu Spam ndi mu Trash, ngakhale kuti Gmail imafufuta yokha mauthenga a m'menemo pakatha masiku 30. Amene ali ndi chizolowezi chofufuta uthenga akangowerenga sapeza zambiri ndi njirayi. Iwo angadalire mauthenga otsatsa malonda amene amabwerabe, pofufuza mawu akuti `unsubscribe`, kungoti si aliyense wotumiza malonda amene muli naye akaunti.

Webusaiti ya Have I Been Pwned, imene Troy Hunt wa ku Australia anayambitsa mu 2013, imathandizanso. Mukalembapo adiresi ya imelo imaonetsa makampani amene anaberedwa zinthu muli adiresiyo, ndipo nthawi zina pamatuluka dzina limene mwini wake sakulikumbukira n'komwe. Maakaunti amenewa ndiwo oyenera kuyambira.

Chitsanzo cha kutseka akaunti imodzi

Tiyerekeze kuti wophunzira wapeza uthenga wa zaka zisanu zapitazo wochokera ku webusaiti yofunsirapo ntchito, kumene anaikako mbiri ya maphunziro ake ndi chithunzi cha chiphaso. Asadine linki ya mu uthengawo, chifukwa adiresi yakale ikhoza kukhala kuti inagulidwa ndi anthu ena, komanso uthengawo ukhoza kukhala wachinyengo. Alembe yekha adiresi ya webusaitiyo mu bulawuza.

Pasiwedi anaiiwala, choncho adine `Forgot password`, ndipo linki yatsopano ibwera mu imelo yakale ija. Akalowa, ayambe wakopera zimene akufuna kusunga, achotse chithunzi cha chiphaso ndi khadi ya banki ngati ilipo, aimitsenso malipiro alionse a mwezi ndi mwezi. Apa pofunika kusamala: malipiro amene anayambitsidwa kudzera mu Google Play saima chifukwa choti akaunti ya pa webusaitiyo yatsekedwa, amaimitsidwa mu Google Play momwemo. Kenaka afufuze `Delete account` kapena `Close account`, zimene kawirikawiri zimabisidwa pansi pa `Settings` kapena `Privacy`.

Anthu ambiri amasokoneza `Deactivate` ndi `Delete`. Koyambako kumangobisa akaunti, zonse zili momwemo. Kuchotsa apu pa foni nakonso sikutseka akaunti. Makampani ena amadikira kaye asanafufute: Facebook imadikira masiku 30, ndipo munthu akalowanso m'masiku amenewo amatha kuletsa kufufutako. N'chifukwa chake wophunzirayo alembe m'kope tsiku limene anapempha, asunge uthenga wotsimikizira, ndipo ayese kulowa nthawi yodikirayo itadutsa. Ngati pasiwedi ikutsegulabe, kapena `Forgot password` ikutumizabe linki, ndiye kuti akauntiyo ilipobe. Pasiwedi ichotsedwe mu pulogalamu yosungira pokhapokha atatsimikiza kuti yatsekedwadi.

Akaunti ikakana kutsekedwa

Mawebusaiti ena alibe batani lofufutira, ndipo amafuna kuti munthu alembe kalata kuchokera pa imelo imene analembetsera. M'mayiko a European Union, lamulo la GDPR limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limapatsa anthu ufulu wopempha kuti zinthu zawo zifufutidwe, ndipo kampani iyenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Komabe mabanki ndi masitolo amaloledwa kusunga zolemba zina za ndalama chifukwa malamulo ena amawalamula kutero. Pamene palibe woyankha, chotsala ndi kuchotsa zonse zimene zingachotsedwe ndi kuika pasiwedi yaitali imene sinagwiritsidwe ntchito kwina kulikonse.

Imelo ndi nambala ya foni

Njira yonse ili pamwambayi imadalira imelo yakale. Ikatsekedwa msanga, linki za `Forgot password` zimasowa kofikira, ndipo maakaunti otsala amakhala osatsegulika komanso osafufutika. Imelo imathanso kutayika yokha: kuyambira mu Disembala 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Mu 2013 Yahoo inapereka mayina a maimelo osiyidwa kwa anthu atsopano, ndipo ena mwa iwo anayamba kulandira mauthenga a eni ake akale.

Zoterezi zimachitika kwambiri ndi manambala a foni. Simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imagulitsa nambalayo kwa munthu wina, ndipo makhodi otsimikizira amayamba kupita kwa iyeyo. Amene anasintha nambala ayenera kuchotsa yakaleyo pa maakaunti onse amene akuwasunga, kuyambira pa imelo yomweyo.