Zotsatira za MSCE zisanatuluke, vidiyo yanu ikhale itakonzeka kale

Tsiku limene bungwe la MANEB lalengeza zotsatira za mayeso a Fomu 4, foni sizipuma m'dziko muno. Ophunzira, makolo, amalume amene ankalipira fizi, onse amathamangira pa intaneti. Ambiri amene amapanga mavidiyo a maphunziro pa YouTube amadzidzimuka tsiku lomwelo: ajambula mothamanga, aika vidiyo madzulo, kenako nʼkumadabwa kuti aionera ndi anthu owerengeka. Nthawi zambiri vidiyoyo imakhala yabwinobwino, chimene chalakwika ndi nthawi imene mawu oifotokoza alembedwa.

Mawu amenewa, amene akatswiri amati metadeta, ndi mutu wa vidiyo, kafotokozedwe kamene kamakhala mʼmunsi mwake, timawu tozindikiritsa totchedwa matagi, komanso chithunzi chapachikuto. Munthu akalemba funso mʼbokosi lofufuzira, YouTube imayangʼana ngati mawu akewo akugwirizana ndi mutu, kafotokozedwe ndi zimene zili mʼvidiyo. Imayangʼananso mmene anthu amene anafunsapo funso lomwelo anachitira: kodi anaitsegula, ndipo anaionera nthawi yaitali bwanji? Apa ndi pamene pagona nkhani. Vidiyo imene yalowa lero ilibe mbiri imeneyi, pomwe inzake imene yakhalapo milungu itatu, anthu akuipeza pangʼonopangʼono, yasonyeza kale kuti imayankha funsolo. Mlimi amasosa munda mvula isanagwe, ndipo wopanga mavidiyo ayenera kuchita chimodzimodzi.

Titenge mphunzitsi wa sekondale amene chaka chatha anajambula vidiyo yofotokoza kawerengedwe ka mapointi a MSCE. Mʼvidiyomo akulongosola kuti magiredi amayambira 1 kufika 9, kuti 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Akufotokozanso kuti mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino kwambiri, kotero kuti 6 ndiwo mapointi apamwamba zedi. Phunziro labwino, koma iye analipatsa mutu wakuti "Phunziro 14: malangizo kwa ophunzira anga". Palibe munthu amene amafufuza mawu otere.

Choyamba, asaifute vidiyoyo nʼkuikanso ngati yatsopano, chifukwa akatero mbiri yonse ya oionera ndi ndemanga zawo zimapita. Alowe mu YouTube Studio nʼkusintha mutu wa vidiyo yakale yomweyo. Linki yake siisintha, ndipo amene anaitumiza mʼmagulu a WhatsApp adzaipezabe. Mutu watsopano ungakhale wotere:

```
MSCE results 2026: kawerengedwe ka mapointi ndi magiredi
```

Chizungu chili kutsogolo mwadala. Amalawi ambiri akamafufuza amasakaniza zilankhulo, ndipo mutu uyenera kutsata zimene zala za anthu zimalemba, osati zimene mphunzitsi wa Chichewa angakonde. YouTube imalola zilembo 100 pa mutu, koma pa foni mutu wautali umadulidwa, choncho mawu ofunikawo akhale koyambirira. Mizere iwiri yoyamba ya kafotokozedwe inene mʼziganizo zomveka zimene munthu aphunzire, itchule MANEB, magiredi ndi mapointi. Pa matagi musatayepo nthawi yambiri. A YouTube eni ake amanena kuti matagi sathandiza kwenikweni, kupatula pa mawu amene anthu amalakwitsa kalembedwe kake.

Nanga asinthe liti? Vuto la mayeso ndi lakuti tsiku la zotsatira silikhala pa kalendala ngati Khirisimasi. Mayeso a MSCE amalembedwa chapakati pa chaka, ndipo zotsatira zimabwera patapita milungu yambiri, pa tsiku limene limasinthasintha. Chothandiza ndi Google Trends, tsamba laulere. Mumalemba mawu monga "MSCE results", nʼkusankha dziko la Malawi, zaka zisanu zapitazi, ndiponso YouTube Search. Mzere umene umaoneka ndi wofanizira chabe, kuchokera pa 0 kufika pa 100, sukuuzani chiwerengero cha anthu. Musayangʼane pansonga pa phirilo, yangʼanani pamene mzere umayamba kudzuka chaka ndi chaka. Tsamba likanena kuti ofufuza ndi ochepa, zimene zimachitika kawirikawiri pa mawu a kuno kwathu, sankhani Web Search mʼmalo mwake. Langizo langa ndi lakuti mutu ukhale utasinthidwa milungu iwiri kapena itatu mzere usanayambe kukwera. Limeneli si lamulo la YouTube, koma nthawi yotere imapatsa mpata vidiyo kusonkhanitsa oionera oyamba, ndiponso imakupatsani inu mpata wokonza ngati mutu sunagwire.

Mudziwa bwanji kuti wagwira? Mu YouTube Studio tsegulani vidiyoyo, pitani pa Analytics, kenako Reach, muone mawu amene anthu analemba pa YouTube search kuti akupezeni. Manambalawo amachedwa tsiku limodzi kapena awiri, ndiye musapupulume kusintha mutu mʼmawa ndi madzulo. Mukatero simudzadziwa kuti chathandiza nʼchiti. Ngati pakatha sabata mawu a MSCE sakuonekabe, mutu ndi kafotokozedwe sizikufanana ndi zimene anthu akulemba. Ngati vidiyo ikuonetsedwa kwa ambiri koma otsegula ndi ochepa, vuto lili pa chithunzi chapachikuto kapena pa mmene mutu ukumvekera. Ngati akutsegula nʼkuthawa pasanathe theka la mphindi, ndiye kuti mutu walonjeza chimene vidiyo ilibe.

Pa mfundo yomalizayi ndilankhule mosabisa. Chaka chilichonse pamapezeka olemba kuti "Zotsatira zatuluka!" pamene MANEB sinanene kanthu, kapena olonjeza mayina a okhoza pamene alibe. Mwana amene sakugona tulo podikira zotsatira zake sayenera kuseweretsedwa chonchi, ndipo bandulo imene wagula ndi ndalama yovuta. Malamulo a YouTube amaletsa mitu ndi zithunzi zosocheretsa, ndipo vidiyo yotere itha kuchotsedwa. Chimodzimodzi kungosintha chaka pa mutu pamene zamʼkati zatha ntchito. Vidiyo ya mapointi ingalandire chaka chatsopano ngati kawerengedwe kake sikanasinthe, koma yonena za chiwerengero cha amene anakhoza chaka chatha ikhale ndi chaka chake chomwecho.

Funso la anthu nalo limayenda. Zotsatira zikatuluka, anthu amasiya kufunsa za tsiku nʼkuyamba kufunsa ngati mapointi awo angawalowetse ku yunivesite, mmene angalembetsere kudzera ku NCHE, kapena ngati nʼkwanzeru kubwereza mayeso. Vidiyo zoyankha zimenezi zijambulidwe kale, zitulutsidwe zotsatira zili pafupi, ndipo ya mapointi ija ilozere kwa izo mʼkafotokozedwe kake.

Masiku a tchuthi ndi osavuta chifukwa ambiri amadziwika: 15 Januwale wa Chilembwe, 6 Julaye wa ufulu wodzilamulira, 15 Okutobala wa Tsiku la Anakubala. Mungajambule vidiyo kale nʼkuiika pa Schedule kuti idzatuluke yokha milungu ingapo tsikulo lisanafike. Kungoti amene amakuonerani ali ku Joni amakumbukira amayi Lamlungu lachiwiri la Meyi, ndipo a ku Mangalande amatero mʼnyengo ya Lenti, ndiye nyimbo imodzi ya amayi ili ndi nyengo zitatu zoikonzera mutu. Idi nayo imabwerera mʼmbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho tsiku limene munasinthira mutu chaka chatha likhala lochedwa chaka chino.