Ana Awiri, Sikelo Imodzi: Kodi Kupinimbira, Kuwonda ndi Kupepuka N'chimodzimodzi?

Tsiku la sikelo ya ana limadziwika ndi phokoso lake. Amayi akhala pamzere pansi pa mtengo wa mango, mabuku a kuchipatala ali m'manja, ndipo sikelo yalendewera panthambi. Mwana amamulowetsa m'kathumba kansalu n'kumukoleka pangowe, iye n'kumalira akupalapata miyendo, pamene mlangizi wa zaumoyo akudikira kuti muvi wa sikelo ukhazikike. Nambala ikalembedwa, funso la mayi limakhala limodzi: "Adokotala, sikelo yakwera?" Akamva kuti yakwera, mtima umakhala pansi. Koma sikelo payokha sinena zonse. Mwana akhoza kulemera mokwanira malinga ndi zaka zake koma thupi lake lili pamavuto, ndipo mavutowo amaonekera pokhapokha msinkhu wake ukayezedwanso.

Achipatala akamaunika kakulidwe ka mwana wosakwana zaka zisanu amagwiritsa ntchito zinthu zitatu: zaka ndi miyezi yake, kutalika kwake ndi kulemera kwake. Amatenga ziwiri ziwiri n'kuziyerekeza. Akayerekeza kutalika ndi zaka amaona ngati mwana wapinimbira. Akayerekeza kulemera ndi kutalika amaona ngati wawonda mopitirira muyeso. Akayerekeza kulemera ndi zaka amaona ngati wapepuka, zomwe ambiri timangoti sikelo yatsika. Zonsezi timaziphatikiza m'mawu amodzi oti kunyentchera, koma chilichonse chili ndi chiyambi chake, kuopsa kwake komanso chithandizo chake.

Muyeso umene mwana amayerekezedwa nawo unatulutsidwa mu 2006 ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Bungweli linatsatira kakulidwe ka ana oyamwitsidwa ndi kusamalidwa bwino m'mayiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Ghana, ndipo linapeza kuti ana aang'ono akapeza chisamaliro chofanana amakula mofanana ndithu, kaya ndi a mtundu wanji. M'buku la kuchipatala muyeso umenewu umaoneka ngati mizere yokwera. Mzere wapakati ndi pamene ana ambiri athanzi amapezeka. Mwana akagwera pansi pa mzere wolembedwa -2 ndiye kuti pali vuto, ndipo akatsika kupitirira -3 vutolo ndi lalikulu.

Tiyerekeze kuti pamzere uja pali anyamata awiri, onse angokwanitsa kumene zaka ziwiri, ndipo onse sikelo yawapeza ndi makilogalamu 10. Mnyamata wa zaka ziwiri amatengedwa kuti wapepuka akatsika pansi pa makilogalamu 9.7, choncho onse awiri apulumuka. Zikanakhala kuti kuyeza kwathera pomwepo, amayi awo akanabwerera kunyumba akusangalala. Koma mlangizi watulutsa thabwa loyezera msinkhu.

Woyamba waima pathabwapo n'kupezeka ndi masentimita 79. Pa zaka ziwiri mnyamata wapakatikati amakhala ndi masentimita 87, ndipo malire a -2 ndi masentimita 81. Mwanayu ndi wopinimbira. Pomuona simungakayike kanthu: masaya ali bwino, akusewera, akuthamanga. Makilogalamu 10 aja ndi oyenerana ndi thupi lake lalifupilo, poti mnyamata wa masentimita 79 amayembekezeka kulemera pafupifupi makilogalamu 10.4. Amangooneka ngati mwana wathanzi wa chaka ndi theka, ndipo n'chifukwa chake kupinimbira kumabisala. M'mudzi momwe ana ambiri ndi aafupi, mwana wotere saoneka wachilendo, ndipo agogo amangoti "watengera atate ake."

Wachiwiri wapezeka ndi masentimita 88, msinkhu wabwino ndithu pa zaka zake. Koma mnyamata wotalika chonchi amayenera kulemera pafupifupi makilogalamu 12.4, ndipo malire a -2 ndi makilogalamu 10.6. Iye ali ndi 10. Uyu ndi wowonda, ndipo atangotsikanso pang'ono kufika pansi pa 9.8 alowa m'gulu la owonda moopsa. Mukamuvula malaya mumaona nthiti, timikono tating'ono, ndi khungu la m'matako lochita makwinya ngati kabudula womukulira. Mukawafunsa amayi ake angakuuzeni kuti mwezi wathawu anatsegula m'mimba, kenako malungo, ndipo chiyambireni phala akungolitafuna osameza.

Mlimi aliyense amakudziwa kusiyana kumeneku. Pali chimanga chomwe chinamera panthaka yoguga, feteleza osaona, ndipo chimangokhala chachifupi mpaka kumasula. Mvula ya mu Malichi singachitalikitsenso. Palinso chimanga chomwe chinakula bwino koma chafota ndi ng'amba ya milungu iwiri. Mvula ikabwera msanga chimadzuka, ikachedwa chimauma. Choyambacho ndi kupinimbira, chachiwiricho ndi kuwonda.

Kupinimbira kumanena za miyezi ndi zaka zimene zapita. Msinkhu subwerera m'mbuyo: mwana akadwala safupika, amangosiya kutalika. Akadwala kawirikawiri, akamadya phala la madzimadzi lopanda nsinjiro, dzira, usipa kapena nyemba, masentimita amene anayenera kuwonjezera amatayika pang'onopang'ono osaoneka. Nthawi zambiri vutoli limayambira m'mimba, mayi akakhala wamng'ono msinkhu wobereka usanakwane, wochepa magazi, kapena wodwaladwala malungo ali woyembekezera. N'chifukwa chake achipatala amatsindika za masiku 1000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Nthawi imeneyi ikadutsa, msinkhu wotayika suvuta pang'ono kubweza. Ndipo chodetsa nkhawa si kufupikako ayi. Ubongo umakula kwambiri m'masiku omwewo, ndipo kusowa komwe kunabweza msinkhu kumakhudzanso kaganizidwe, kotero kuti ana ambiri opinimbira amadzavutika m'kalasi. M'mera mpoyamba.

Kuwonda kumanena za lero ndi milungu yapitayi. Kulemera kumakwera ndi kutsika msanga, n'chifukwa chake ana owonda amachuluka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha pamene malungo ndi kutsegula m'mimba zafika pachimake. Thupi likasowa chakudya limayamba kudya mafuta ndi minofu yake, chitetezo chimatsika, ndipo chibayo kapena kutsegula m'mimba komwe mwana wina akanachira kumatha kumutenga. Kuwonda ndi kumene kumapha msanga, koma ndi kumenenso kumachizika mwana akafika kuchipatala nthawi yabwino.

Pofuna kupeza ana otere mwachangu, pali kalamba ka mitundu itatu koyezera mkono, komwe achipatala amati muwaki. Amakazunguliza pakatikati pa phewa ndi chigongono, mkono utalendewera momasuka, ndipo ndi ka ana a miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka zisanu. Kakaonetsa kobiriwira, kuyambira masentimita 12.5 kupita m'mwamba, zili bwino. Kachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, ndi chenjezo loti mwana akufunika chakudya chowonjezera monga Likuni Phala. Kofiira, pansi pa 11.5, ndiye kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amamuyesa ngati angadye chiponde, chakudya chamankhwala chopangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Akadya ndipo alibe matenda ena aakulu, amalandira mapaketi okadyera kunyumba. Akakana kudya kapena akafooka kwambiri, amagonekedwa. Chiponde chimenechi ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake kapena chopaka pabuledi.

Nanga kupepuka kumanena chiyani? Kumangonena kuti china chake chalakwika, osatchula kuti n'chiyani. Mnyamata wa zaka ziwiri wa makilogalamu 9.4 ndi wopepuka, koma mwina n'chifukwa ndi wamfupi, mwina n'chifukwa wawonda, mwinanso zonse ziwiri, ndipo amene ali ndi zonse ziwiri ndiye ali pachiopsezo chachikulu kuposa onse. Ubwino wa sikelo uli pakuyeza mwezi ndi mwezi. Madontho a m'buku akamakwera motsatana ndi mizere, mwana akukula. Akangoyenda chopingasa miyezi iwiri, kapena akatsika, pali vuto ngakhale dontholo lisanafike pa -2.

Sikelo ikhozanso kunamiza m'njira ina yoopsa. Pali kunyentchera kwa mtundu wina komwe kumatupitsa thupi ndi madzi, kuyambira kumapazi, ndipo madziwo amakweza sikelo. Mwana amaoneka wonenepa, koma tsitsi lake lafiira ndi kupyapyala, ndipo sasangalala ndi chilichonse. Kuti mudziwe, dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, n'kuchotsa. Pakatsala timaenje mbali zonse ziwiri, mwanayo ndi wodwala kwambiri, kaya sikelo ikunena zotani. M'midzi ina kutupa kotere amati ndi tsempho, ndipo masiku amatha makolo akulozana zala. Nkhani za m'banja mudzakambirana pambuyo, mwana ayambe wafika kuchipatala.

Miyeso yonseyi imadalira kuyeza molondola. Mwana wosakwana zaka ziwiri amayezedwa chogona, wina atagwira mutu kuti ukhudze thabwa, wina atawongola mawondo. Wopitirira pamenepo amaima wopanda nsapato, zidendene ndi msana zitakhudza thabwa. Sikelo iyambire pa 0, ndipo mwana asavale juzi kapena thewera lonyowa. Tsiku lobadwa nalonso ndi lofunika kwambiri. Mnyamata wathu wa masentimita 79 uja atalembedwa molakwika kuti ali ndi chaka ndi theka, pamene malire ndi pafupifupi masentimita 77, akhoza kuoneka ngati ali bwinobwino.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ku Malawi ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, 12 anali opepuka, ndipo 3 okha ndi amene anali owonda. Manambalawa akutiuza kuti vuto lathu lalikulu ndi lija losaoneka ndi maso, limenenso sikelo payokha imaliphonya nthawi zambiri. Ana ambiri opinimbira amadutsa pasikelo popanda wowadandaula, ngati mnyamata woyamba uja.

Choncho mayi, bambo, ngakhalenso inu agogo amene mumaperekeza mdzukulu kusikelo, mwezi ukubwerawu musakhutire ndi yankho loti sikelo yakwera. Pemphani kuti mwana ayezedwenso msinkhu ndi mkono, muwafunse alangizi kuti dontho lake lili pati poyerekeza ndi mzere wa -2, ndipo onetsetsani kuti tsiku lobadwa lolembedwa m'bukumo ndi lolondola.