Pulinta Yayaka, Koma Kompyuta Ikuti "Offline"

Pulinta yolumikizidwa pa Wi-Fi imalandira adiresi kuchokera ku rauta, mwachitsanzo 192.168.1.20. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta ikhoza kuipatsa adiresi ina, tinene 192.168.1.34. Windows imangotumizabe mapepala ku adiresi yakale ija, ndipo ikaona kuti palibe woyankha imalemba kuti "Offline".

Musafulumire kuitana wokonza. Onani adiresi yatsopano pagalasi la pulintayo. Pakompyuta, tsegulani Printer properties, kenako Ports, kenako Configure Port, mulembemo adiresiyo. Fufutani mapepala amene aima pamzere, muonenso kuti pa "Use Printer Offline" palibe chochonga.

Vutoli likhoza kubweranso magetsi akathimanso, pokhapokha mutasungira pulintayo adiresi yakeyake murauta, yosasintha.