Mawu olandirira mnzathu watsopano pantchito

Mphunzitsi akatumizidwa kusukulu yatsopano, uthenga woyamba umene amalandira pafoni kuchokera kwa anzake umamuuza zambiri za kumene akupitako. Ambiri timaulemba ndi mtima wabwino, koma timachulutsa gaga m'diwa. Mu uthenga umodzi timaunjikamo malonje, mbiri ya sukulu, chopereka cha zachisoni, banki m'khonde ndi funso lakuti amapemphera mpingo uti. Munthu sanaone n'komwe chitseko cha kalasi, koma wayamba kale kuwerengera ndalama zimene akufunika kusonkha.

Uthenga woyamba uyenera kungomuthandiza kudutsa tsiku loyamba. Taonani uwu, wolembedwa ndi mphunzitsi wa sitandade 5 kwa mnzake amene adzagawane naye kalasi:

"Mwaswera bwanji aphunzitsi? Ine ndine mnzanu wa sitandade 5, tizikhalira limodzi. Takulandirani ndi manja awiri. Lolemba mukafika muyambire ku ofesi ya ahedi, ndikakupezani komweko asembule isanayambe kuti ndikuonetseni kalasi ndi kaundula wa ana. Masikimu tidzaonera limodzi, musavutike nawo panopa. Ngati pali chimene mukufuna kudziwa, nambala yanga ndi yomweyi."

Wolembayu wadzitchula, wanena kumene mnzake afikire ndi amene amulandire. Wamuchotseranso nkhawa imodzi yeniyeni, ya masikimu. Chiganizo chomalizacho n'chofunika kwambiri, chifukwa sichikumukakamiza kuyankha. Pali kusiyana pakati pa "nambala yanga ndi yomweyi" ndi "mundiimbire madzulo ano". Choyambacho chikumusiyira ufulu, chachiwiricho chikumupatsa ntchito asanayambe ntchito.

Ulemu nawo uli ndi muyeso wake. Yambani ndi "aphunzitsi", kapena "Bambo" ndi "Mayi" pamodzi ndi dzina la bambo awo, ngakhale munthuyo ali wamng'ono kwa inu. Mawu ngati "achimwene" kapena "asisi" adikire kaye kufikira mutazolowerana. Za banja, mpingo ndi chifukwa chimene anachokera kusukulu yakale adzafotokoza yekha akadzafuna. Musamunong'onezenso za anthu ovuta pasukulupo, chifukwa mukatero mwamulowetsa m'mikangano imene sakuidziwa.

Uthengawo utumizeni masana, kutatsala masiku awiri kapena atatu, ndipo ulembedwe ndi munthu mmodzi. Pagulu la WhatsApp la aphunzitsi mumuikepo mutamufunsa kaye, kuopa kuti angadzuke n'kupeza moni wa anthu makumi awiri amene sakuwadziwa nkhope, onse akudikira yankho.

Mungadziwe bwanji kuti mwapyola muyeso? Mayankho ake amayamba kufupika mpaka kutsala "zikomo" yekha, kapena amachedwa kubwera. Zikatero lekani kulemba, mudzaonane pamaso. Pakatha sabata mufunseni chinthu chimodzi chogwirika, monga ngati mabuku a ana amukwanira. Nkhani ya zopereka ibwere akalandira malipiro ake, ndipo aifotokoze ndi msungichuma wa komitiyo, pamodzi ndi malamulo ake.