Utsi Ukakana Kutuluka M'khitchini

Mukalowa m'khitchini ya lesitilanti n'kupeza chitseko chikulimba potsegula, utsi ukuzembera m'mphepete mwa hudi, musathamangire kugula fani yaikulu. Vuto ndi mpweya wolowa. Tinene kuti fani ikutulutsa malita 1,000 pa sekondi: pafupifupi 800 kapena 900 ayenera kubwezedwa mwadala, otsalawo achokere kodyera kuti fungo lisapite kwa makasitomala. Koma mpweyawo ulowe pang'onopang'ono, chapatali, chifukwa ukawomba pahudi umabalalitsa utsi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi paipi yotulutsira utsi. Mafuta amaundana m'katimo ngati phula, ndipo lawi likangowafika moto umakwera mpaka kudenga. Paipiyo ikhale yachitsulo chochindikala, yowotcherera paliponse polumikiza, yopendekera kuhudi, yokhala ndi timakomo totsukira pamene yakhota.