Kupeza Malire a Maadiresi pa Mayeso a Netiweki

Adiresi ya IPv4 ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, monga `192.168.10.77`. Nambala iliyonse imakhala pakati pa 0 ndi 255 chifukwa imasungidwa m'mabiti 8, ndipo biti ndi kamalo komwe mumangolowa 0 kapena 1. Motero adiresi yonse ili ndi mabiti 32. Mabiti akumanzere amatchula netiweki, pomwe akumanja amatchula chipangizo cha mu netiwekiyo, kaya ndi kompyuta, foni kapena rauta. Mafunso ambiri a maadiresi pa mayeso a CCNA ndi CompTIA Network+ amagona pa kudziwa pamene mbali ziwirizi zalekanira.

Funso lofala limapereka adiresi ngati `192.168.10.77/26`, kenako n'kufunsa kuti netiweki yake yayambira pati, yathera pati, ndipo mungalowe zipangizo zingati. Nambala ya 26 ikutanthauza kuti mabiti 26 oyamba ndi a netiweki. Kalembedwe aka kamatchedwa CIDR, ndipo kanabwera mu 1993.

Choyamba ndi kuwerenga mabiti otsala. Pa 32 kuchotsapo 26 patsala 6. Popeza biti iliyonse ili ndi mbali ziwiri, 2 amachulukitsidwa ndi iye mwini kasanu ndi kamodzi, zomwe zimapereka 64. Gulu lililonse lili ndi maadiresi 64. Nthawi zina funso limabwera ndi masiki yolembedwa motalika, `255.255.255.192`, m'malo mwa `/26`. Zikatero, 192 amachotsedwa pa 256, ndipo yankho ndi 64 yemweyo.

Chachiwiri ndi kundandalika magulu. Maguluwa ali ngati mapuloti ofanana kukula oduliridwa m'mphepete mwa msewu umodzi: loyamba limayambira pa 0, lachiwiri pa 64, lachitatu pa 128, lomaliza pa 192. Nambala 77 yapyola 64 koma sinafike 128, choncho ili m'gulu lachiwiri, lomwe likuyambira pa 64 n'kulekezera pa 127.

Chachitatu ndi kupatula maadiresi awiri omwe sapatsidwa kwa chipangizo chilichonse. Yoyamba m'gulumo, `192.168.10.64`, ndi dzina la netiweki yonse. Yomaliza, `192.168.10.127`, ndi ya bulodikasiti, yomwe imagwira ntchito potumiza uthenga kwa zipangizo zonse za m'gulumo nthawi imodzi. Zipangizo zimagawana maadiresi oyambira `192.168.10.65` mpaka `192.168.10.126`, omwe alipo 62. Woyankha 64 waiwala kuchotsa awiriwa, ndipo olemba mayeso amakonda kuika 64 pakati pa mayankho osankhapo kuti akole wopupuluma.

Funso limavutirapo malire akagwera mu nambala yachitatu, monga pa `172.16.37.9/20`. Manambala awiri oyamba adya kale mabiti 16, ndiye mabiti 4 otsala a netiweki ali mu nambala yachitatu. Masiki yake ndi `255.255.240.0`. Pa 256 kuchotsapo 240 patsala 16, kutanthauza kuti magulu akudumpha ndi 16 mu nambala yachitatuyo: 0, 16, 32, 48, mpaka 240. Nambala yofunika kuiyang'ana tsopano ndi 37, osati 9. Imeneyi ili pakati pa 32 ndi 47. Netiweki ndi `172.16.32.0`, ndipo bulodikasiti ndi `172.16.47.255`. Mabiti a zipangizo alipo 12, omwe akupereka maadiresi 4096, ndipo awiri aja akachotsedwa amatsala 4094.

M'gulu lalikulu chonchi muli msampha wina. Adiresi ngati `172.16.40.255` imaoneka ngati bulodikasiti chifukwa chothera ndi 255, ndipo `172.16.41.0` imaoneka ngati dzina la netiweki. Komatu zonse ziwiri zili mkati mwa gululo, ndipo zingapatsidwe kwa kompyuta popanda vuto. Chimene chimagamula ndi masiki, osati maonekedwe a nambala yomaliza.

Mayeso amafunsanso za maadiresi a m'nyumba ndi m'maofesi, omwe sayenda pa intaneti. Chikalata cha RFC 1918, cha mu 1996, chinapatula magulu atatu: `10.0.0.0/8`, `172.16.0.0/12` ndi `192.168.0.0/16`. Lapakatilo ndi lomwe limasokoneza anthu. Pa `/12`, malire ali mu nambala yachiwiri ndipo magulu akudumphanso ndi 16, choncho gululi likuyambira pa 16 n'kuthera pa 31. Adiresi ya `172.31.5.1` ili mkati, pomwe `172.32.5.1` ili kunja.

Yankho lingayesedwe m'njira ziwiri lisanalembedwe. Nambala yoyambira netiweki iyenera kugawika ndi kukula kwa gulu popanda chotsala, monga 32 agawikira ndi 16. Komanso kuwonjezera 1 pa adiresi ya bulodikasiti kuyenera kutulutsa chiyambi cha gulu lotsatira: pambuyo pa `172.16.47.255` pakubwera `172.16.48.0`. Chimodzi mwa ziwirizi chikakanika, ndiye kuti kukula kwa gulu kwawerengedwa molakwika, kapena kuwerengako kwachitikira pa nambala yolakwika ya adiresiyo.