Kodi SSD ndi imene imachititsa kuti gemu isamadodome?

Anthu ambiri amene amasewera magemu akuluakulu pa kompyuta, monga GTA V kapena Cyberpunk 2077, amauzidwa kuti akangochotsa hadi disiki n'kuika SSD ndiye kuti zonse ziyera. Malangizowa ndi oona mbali imodzi yokha, chifukwa kudodoma kwa gemu kuli mitundu iwiri ndipo SSD imachiza umodzi.

M'magemu amenewa wosewera amayenda paliponse mumzinda kapena m'dziko lonse popanda kuima. Dziko lonselo silingakwane mu RAM nthawi imodzi, choncho gemu imangotenga chigawo chimene mulimo. Mukamapita kutsogolo imakoka nyumba, misewu ndi anthu kuchokera pa disiki, kwinaku ikutaya zimene mwazisiya m'mbuyo. Disiki ili ngati nkhokwe ndipo RAM ndi lichero: ophika amagwiritsa ntchito za m'licheromo, koma wina ayenera kumatapabe kunkhokwe.

Hadi disiki ili ndi mbale zozungulira ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono koyenda pamwamba pake kufunafuna deta. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu imatha kufika mamegabayiti 100 kapena kupitirirapo pa sekondi, zomwe si zoipa kwenikweni. Vuto lili pa kusakasaka. Kamkono kaja kamatenga mamilisekondi pafupifupi 10 kuti kasamukire pamalo ena. Ngati chigawo chimodzi cha mzinda chikufuna tizidutswa 1,000 tomwazikana pa mbalepo, masekondi 10 athera m'kusakasaka kokhakokha. Pamene gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi ili ndi mamilisekondi osakwana 17 kuti ikonze chithunzi chilichonse. SSD ilibe chozungulira chilichonse, ndipo imapeza kachidutswa m'kanthawi kosakwana milisekondi imodzi.

Gemu ya Spider-Man, imene inatuluka pa PlayStation 4 mu 2018, imaonetsa bwino nkhaniyi. Opanga ake anachepetsa dala liwiro limene Spider-Man angayendere mumzinda wa New York kuti hadi disiki isatsalire m'mbuyo. Zinthu zing'onozing'ono za m'misewu anazikopera kambirimbiri pa disikipo n'cholinga choti kamkono kaja kazizipeza pafupi. Mu 2019 Mark Cerny wa ku Sony anaonetsa kuti kudumpha kuchoka mbali ina ya mzinda kupita ina, kumene kunkatenga masekondi 15 pa PlayStation 4 Pro, kunatenga masekondi 0.8 pa makina oyeserera okhala ndi SSD. Komabe tisaiwale kuti gemuyo inkayenda bwinobwino pa hadi disiki, poti anaipangira hadi disikiyo.

Zinasintha pamene PlayStation 5 ndi Xbox Series X zinabwera ndi SSD mu 2020. Opanga magemu anayamba kusiya kunyengerera hadi disiki. Starfield ya 2023 imafuna SSD, ndipo chaka chomwecho opanga Cyberpunk 2077 anaika SSD pa mndandanda wa zofunika. Gemu yotere ikaikidwa pa hadi disiki, makoma amaoneka osalala ngati ozira ndi dothi kenako n'kusintha mwadzidzidzi, magalimoto amangotulukira pamphuno panu, mawu amachedwa, ndipo chithunzi chimauma kwa kanthawi mukamathamanga.

Mtundu wachiwiri wa kudodoma ndi uja woti gemu ikuyenda mokoka nthawi zonse, ngakhale mutangoima malo amodzi. Apa disiki ilibe mlandu. Kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi ndi ntchito ya khadi ya zithunzi ndi purosesa. Malaputopu ambiri akaunjika amene timagula alibe khadi yakeyake ya zithunzi, ndipo laputopu yotere ikamapereka zithunzi 20 pa sekondi, mukaika SSD idzaperekabe pafupifupi 20. Idzangotsegula gemuyo msanga.

Musanataye ndalama, tsegulani Task Manager gemu ili mkati, n'kupita pa Performance. Imani malo amodzi m'gemumo, kenako thamangani ndi galimoto kudutsa mumzinda. Ngati Active time ya disiki ikufika 100% panthawi yomwe chithunzi chikuuma, SSD ikuthandizani. Ngati disiki ili phee koma GPU kapena CPU yakakamira pamwamba, chepetsani kukongola kwa zithunzi. Onaninso Memory: RAM ikadzaza, Windows imasungira zotsala pa disiki, ndiye disikiyo imaoneka yolakwa pomwe chofunika n'kuwonjezera RAM, mwina kuchoka pa magigabayiti 8 kufika 16.

Pogula, musavutike n'kulimbirana SSD yothamanga kwambiri. Ya SATA, imene imalowa m'malo mwa hadi disiki ya laputopu yakale, imafika mamegabayiti pafupifupi 550 pa sekondi. Ya NVMe imaposa pamenepo kangapo, koma m'magemu ambiri a pa kompyuta kusiyana kwake kumangokhala masekondi ochepa potsegula.